Simbi ya 1 Koloko

Chitupa changa chimati ndinabadwa pa 1 Januwale. Ndi bodza, koma si ine ndinanama. Ana ambiri a m'makomboni a m'mapulazi tinabadwa tsiku lomwelo, chifukwa kalaliki wolemba zitupa akafunsa tsiku lobadwa, kholo n'kuyamba kufotokoza za mvula ndi fodya, iye ankangolemba tsiku loyamba la chaka n'kuitana wina. Makolo anga anachokera ku Tete ndisanabadwe, ndipo analibe pepala lililonse la dziko lino. Ine changa ndinachipeza ndili wamkulu kale, ndi kalata ya ahedi a kusukulu. Sindinkadandaula nazo. Tsiku lobadwa silinkandidyetsa.

Zinayamba kundiwawa ndili ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, pamene ndinkagulitsa nsalu m'sitolo ya Amwenye ku Norton, kufupi ndi Harare. Mwana wamwamuna wa eni sitolo ndiye ankadula nsalu, ine n'kumapinda. Tinadula ndi kupinda zaka ziwiri, mpaka tinapezeka kuti tikukondana. Anali munthu wofatsa, wokonda zinthu zolongosoka mopitirira muyeso. Kasitomala akapempha mamita atatu, ankayeza kawiri. Ndinkamuseka kuti tsiku lina adzayeza ndi mpweya womwe.

Atauza makolo ake kuti akufuna kundikwatira, bambo ake anangoyatsa fodya n'kumasuta. Mayi ake analira sabata yathunthu, kenako anandiitana kuseri kwa sitolo. Ndinapita nditakonzeka kumva kuti ndine wakuda, wa m'komboni, mwana wa obwera. Sananene zimenezo. Anati kwawo, ukwati usanachitike, wansembe amayang'ana pamene mwezi unali pa nthawi imene mnyamata ndi mtsikana anabadwa. Zikagwirizana, iwo sadzaima panjira. Zikakana, sadzalola ngakhale mtsikanayo atakhala mwana wa mchemwali wawo.

"Undibweretsere tsiku, malo ndi ola," anatero. "Ola lenileni, osati la pachitupa."

Ine ndine Mkatolika, za nyenyezi sindinkazikhulupirira, ndipo mpaka lero sindizikhulupirira. Koma khomo linali limodzi lokhalo, ndiye ndinagogoda.

Makolo anga nthawi imeneyo ankagwira ntchito papulazi ina kufupi ndi Norton komweko. Lamlungu ndinapita kukawafunsa amayi. Tsiku silinavute. Anati ndinabadwa Lachitatu la Phulusa, papulazi ya fodya kufupi ndi Guruve, chaka chachiwiri atafika kuchokera ku Tete. Ankakumbukira chifukwa madzulo ake mphunzitsi wa tchalitchi anabwera ndi phulusa m'kachitini, n'kuwapaka pachipumi ali gone pamphasa, ine ndili pambali.

"Nanga ola, amayi?"

"Ola ndilo ndikulidziwa bwino, mwanangu. Simbi ya 1 koloko ikulira, iwenso ukulira. Azamba anaseka, akuti mwana uyu wabwera kudzadya nawo."

Simbi ndi chitsulo cha pulawo chimene ankachipachika pamtengo. Foromani akachimenya, anthu ankadzuka, kuyamba ntchito, kupuma masana ndi kuweruka. M'komboni monse munalibe wotchi, simbiyo ndiyo inali wotchi yathu. Ndinabwerera ku Norton ndikuvina mumtima. Ndani wina wa m'komboni amene amadziwa ola lake lobadwa?

Wansembe uja ankakhala ku Harare, m'kanyumba kodzaza mabuku. Anali nkhalamba yowonda ya magalasi okhuthala, ndipo anandilandira mwaulemu kuposa momwe ndinkayembekezera. Tinapita atatu, ine, mnzangayo ndi mayi ake. Anatifotokozera kuti mabuku ake osonyeza pamene mwezi unali tsiku lililonse sanalembedwe pa nthawi ya Harare. Iye amawawerenga pa nthawi imodzi ya dziko lonse, ya ku Giriniwichi ku Mangalande. Choncho ola la munthu aliyense liyenera kuyamba latembenuzidwa kuti likhale la nthawi imeneyo. Apa, anatero, ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa, chifukwa maboma akhala akusuntha mawotchi awo.

Anayamba ndi mnzangayo. Iye anabadwira ku Mangalande, bambo ake ali pasukulu kumeneko, ndipo mayi ake anatulutsa m'chikwama kakhadi ka kuchipatala kokulungidwa m'pulasitiki. Panalembedwa tsiku la mu Januwale, ndi mphindi 20 itadutsa 2 koloko masana. Mnzangayo anafulumira kunena kuti m'nyengo yozizira nthawi ya ku Mangalande ndi ya Giriniwichi yomweyo, palibe chochotsa. Nkhalamba ija inapukusa mutu n'kutsegula buku lina. Inati kuyambira 1968 mpaka 1971 dziko limenelo linasiya mawotchi ali patsogolo ndi ola limodzi chaka chonse, ndi m'nyengo yozizira momwe, ndipo iye anabadwa m'zaka zimenezo. Inachotsa ola limodzi n'kulemba mphindi 20 itadutsa 1 koloko. Inawonjeza kuti ku Joni nako pa nthawi ya nkhondo yachiwiri anakankhapo mawotchi m'chilimwe, ndipo ku Bombay anthu anakhala zaka zambiri akutsata nthawi yawoyawo yosiyana ndi ya dziko lawo.

Kenako inatembenukira kwa ine n'kumwetulira.

"Zanu n'zosavuta, mwana wanga. Dziko lino lili patsogolo pa Giriniwichi ndi maola awiri, ndipo boma silinasunthepo wotchi chibadwire makolo anu. Tingochotsa awiri."

Inapeza tsiku la Phulusa la chaka chija pakalendala yakale, inapeza Guruve pamapu pansi pa dzina lake lakale la Sipolilo, ndipo inalemba 11 koloko m'mawa. Inafotokoza kuti njira ya mwezi imagawidwa m'nyumba makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo mwezi umakhala m'nyumba iliyonse pafupifupi tsiku limodzi. Tsiku langalo mwezi unachoka m'nyumba ina kulowa m'nyumba yotsatira mphindi 35 itadutsa 10 koloko, nthawi ya Giriniwichi. Ine ndinabadwa utalowa kale. Inawerenga pa zala, kulemba, kuwerenganso. Pomaliza inati nyumba yangayo ndi ya mnzangayo zikugwirizana bwino.

Mayi aja anandigwira dzanja. Kanali koyamba kundikhudza. Pobwerera m'galimoto anandifunsa ngati ndimadya tsabola.

Chakudza sichiimba ng'oma. Lamlungu lotsatira mnzangayo anandiperekeza kukomboni kukaonana ndi ababa, atanyamula shuga ndi nsalu ya amayi. Ababa anali munthu wokonda nkhani, ndipo atalawa kachibuku ankaikoka nkhani ngati ulusi. Mnzangayo, pofuna kuwasangalatsa, anawafotokozera momwe simbi ya 1 koloko inatipulumutsira. Ababa anaseka mpaka kutsokomola.

"Wani koloko yake iti, mkamwini? Ya taundi kapena ya murungu?"

Ababa anapitiriza, akusangalala kuti apeza omvera. Anati mzungu wa pulazi ya ku Guruve ija, nyengo yothyola fodya ikafika, ankakankha wotchi yake ola limodzi kutsogolo. Ankafuna anthu alowe m'munda kusanatenthe, koma osamveka kuti akuwadzutsa usiku. Simbi inkati 6 koloko, wailesi ya kukantini ikuti 5. Anthu ankapita kukadikira basi ya ku Sipolilo n'kukhala pamsewu ola lathunthu akutukwana dalaivala wosalakwa.

"Ababa, chaka chimene ndinabadwa ine analinso atakankha?"

"Hameno, kaya, mwanangu. Zaka zina ankakankha, zaka zoyamba sankakankha. Ine ndinkangomva simbi n'kudzuka."

Ndinamuyang'ana mnzangayo, ndipo ndinaona pankhope pake kuti wayamba kale kuchotsera. Panjira ndinamupempha kuti asanene. Ndinamuuza kuti ababa anali atamwa, kuti nkhani za m'komboni sazitengera ku Harare. Anavomera ndi mutu. Koma munthu woyeza nsalu kawiri sangagone ndi ola lokayikitsa. Lachiwiri anaimbira foni wansembe uja, akuti kungofuna kutsimikiza kuti ola limodzi silisintha kanthu. Mayi ake anali pafupi ndi foniyo.

Tinabwereranso ku Harare. Ulendo uno nkhalamba ija inalemba mizere iwiri papepala. Ngati simbi inkatsata nthawi ya boma, 1 koloko kuchotsa maola awiri ndi 11 koloko, mwezi utalowa m'nyumba yatsopano. Ngati wotchi inali itakankhidwa, 1 koloko ya pulazi inali 12 koloko ya boma, ndiye kuti 10 koloko ya Giriniwichi, kutatsala mphindi 35 kuti mwezi usamuke. Mzere woyamba unali ukwati wabwino. Mzere wachiwiri unagwera pa chinthu chimene kwawo amachiopa kwambiri: amati banja lotero ana ake sakhala moyo.

Mayi aja anatseka pakamwa ndi nsonga ya nsalu yawo. Ndinamva pambuyo pake kuti iwo anaika m'manda ana awiri akhanda asanabereke mnzangayo, ndipo moyo wawo wonse ankakhulupirira kuti chinali chifukwa choti ukwati wawo sunayang'anidwe bwino. Zikanakhala kuti akungondida khungu, bwenzi nditadziwa momenyera. Koma anali ndi mantha enieni, ndipo ndinasowa powagwira.

"Mabuku anga amadziwa zimene maboma anachita ndi mawotchi," inatero nkhalamba ija. "Zimene mlimi mmodzi anachita papulazi yake sizinalembedwe paliponse. Mukandipezera umboni woti chaka chimenecho wotchi sinakankhidwe, ndidzalemba mzere woyamba ndi dzanja langa."

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinapempha masiku atatu kuntchito n'kukwera basi ya ku Guruve ndekha.

Ndinayamba ndi kumishoni kumene ndinabatizidwa. Mlembi anandipezera buku, ndipo dzina langa linalimo, koma ndi tsiku la ubatizo lokha. Pamalo a tsiku lobadwa panali mwezi ndi chaka basi. Kuchipatala chaching'ono cha m'deralo anandiuza zimene ndinkazidziwa kale, kuti wobadwira m'komboni m'manja mwa azamba salembedwa m'buku lawo. Papulazi penipeni ndinapeza mwini wake ndi wina. Mzungu wakale uja anagulitsa nkhondo ya ufulu itavuta n'kupita ku Joni, ndipo anamwalirira komweko. Mwini watsopanoyo anandimvera ataima pakhomo la ofesi, akuoneka kuti akuganiza kuti ndazungulira mutu. Anati mapepala onse a munthu wakaleyo anadyedwa ndi chiswe ndipo anawatentha. Azamba aja nawo anali atamwalira kalekale.

Mayi wina wosankha fodya m'shedi ndiye anandiuza kuti foromani amene ankamenya simbi masiku amenewo akadali moyo. Anali nkhalamba ya Chisilamu yochokera ku Malawi, ndipo ankasoka zigamba pa makina pakhonde la kantini. Ndinamupeza atavala kachipewa koyera, akulowetsa ulusi m'singano mwa kungopapasa. Ndinamulonjera kuti sekuru, kutanthauza agogo, ndipo nditatchula ababa, anawakumbukira.

"Wa ku Tete uja wolongolola? Akadalongololabe?"

"Akadalongololabe, sekuru. N'chifukwa chake ndabwera."

Ndinafotokoza zonse. Sanaseke. Anaika nsalu pansi.

"Wotchi inali m'thumba mwa bwana, mama. Ine ankangondikwezera dzanja, ine n'kumenya. Koma dzuwa ndinkaliyang'ana, chifukwa cha swala, pemphero lathu. Swala ya masana sitiswali dzuwa lisanapendeke. Zaka zoyamba, ndikamenya simbi ya wani, ndinkapita kukaswali pompo, mthunzi utatembenuka kale. Zaka zinazo, nthawi ya fodya, ndikamenya simbi dzuwa linali likadali pamutu. Ndinkayamba ndadya, kudikira pang'ono, kenako n'kuswali."

Munthu uyu anali ndi wotchi imene mzungu sakanaikankha.

"Ndiye kukankhako kunayamba chaka chiti, sekuru?"

"Chaka chimene anamanga mabalani atsopano owotchera fodya."

"Ine ndinali nditabadwa?"

Anandiyang'ana ndi maso ake otuwa. Anati akukumbukira amayi ali ndi pakati akutunga madzi a omanga njerwa. Kenako anati kapena anali ndi mwana kumsana. Kenako anati mwina anali mkazi wina wa ku Tete, popeza analipo atatu. Mabalaniwo anamangidwa zaka ziwiri zotsatana, ena chaka chino, ena chaka chamawa. Ndinamufunsa mozungulira, ndinamufunsa molunjika, ndinamukumbutsa za Phulusa, iye n'kuti za Akhristu sankazitsata. Ndinayamba kumuikira mawu m'kamwa, ndikuvomereza. Ndinati, "Sekuru, si mwati ndinali ndisanabadwe pamene anayamba? Ayi, ndikutanthauza kuti ndinali nditabadwa kale?" Ndinasokonezeka ndekha.

"Mama, ukufuna ndinene chiyani? Ndiuze, koma ukatero usati wamva kwa ine."

Ndinachita manyazi. Ndiye anawonjeza chinthu chimene chinandithera mphamvu. Anati ngakhale tikanadziwa chaka, simbi ya wani sinkalira wani nthawi zonse. Ngolo ya fodya ikakhala isanadzaze, bwana ankagwira dzanja lake pansi mpaka idzaze, nthawi zina theka la ola, nthawi zina kuposa. Tsiku lina ankalikweza msanga chifukwa mvula ikubwera.

Ndinakhala pakhonde paja ndikuwerenga ngati wansembe uja. Wotchi yosakankhidwa, ndapulumuka, pokhapokha ngati simbi inafulumira ndi theka la ola. Wotchi yokankhidwa, ndagwa. Wotchi yokankhidwa koma ngolo n'kuchedwa mphindi makumi anayi, ndapulumukanso. Ukwati wanga unali pa ngolo ya fodya imene inadzaza kapena sinadzaze ine ndili wa mphindi imodzi. Ndinalira pamaso pa nkhalamba yachilendo, iyo n'kumangoti pepani, pepani mama.

M'basi ndinaganiza zonama. Ndikanangonena kuti foromani watsimikiza, ndani akanapita ku Guruve kukafunsa? Koma ndinkamudziwa mnzangayo. Akanandifunsa mawu enieni a nkhalambayo, kawiri, ndipo ine pomuyang'ana m'maso sindinkatha kunama. Komanso ndinaganiza za tsiku limene mwana wathu adzatenthe thupi, monga ana onse amachitira, ndi momwe mayi aja adzandiyang'anire. Ndinakanena zoona zokhazokha.

Wansembe uja anamvetsera zonse, n'kuyamikira nzeru za foromani pa nkhani ya dzuwa. Anati zikugwirizana, chifukwa kudera limenelo m'miyezi imeneyo dzuwa limafika pamutu patangopita mphindi zochepa 12 koloko ya boma itakwana. Koma umboniwo unkangotsimikiza kuti wotchi inkakankhidwadi, osati chaka chake. Ndinamupempha kuti asankhe mzere woyamba, popeza mwayi unalipo. Anati iye sasankha, amawerenga. Pansi pa dzina langa analemba kuti ola silikudziwika. Ananena kuti pali mapemphero amene ena amachita pa vuto lotere, koma mayi aja anapukusa mutu asanamalize n'komwe.

"Ndikanakhala sindinaikepo mwana m'manda, bwenzi nditayesa," anatero, osandiyang'ana. "Sindingayese ndi adzukulu anga."

Mnzangayo analimbana nawo miyezi itatu. Ndisamunamizire, analimbana. Koma anali mwana mmodzi yekhayo wotsala, ndipo mayi ake anasiya kudya. Ine ndinasiya ntchito ndisanauzidwe, chifukwa kupinda nsalu imene iye wadula kunandikanika. Chaka chotsatira anamupezera mkazi wa ku Bulawayo, wobadwira m'chipatala.

Mkwiyo wanga unasowa pogwera. Mzungu anali m'manda ku Joni, wansembe sanalakwe masamu, ababa ndikawakalipira ankangotuluka panja. Ndiye unagwera pa amayi, amene sanalakwe chilichonse. Tsiku lina masana ndinawapeza akusankha nyemba pakhomo, ndipo ndinawathira mawu amene mpaka lero ndimachita nawo manyazi. Ndinati anthu ena amasunga kakhadi m'pulasitiki zaka makumi awiri, inu munalephera ngakhale kutuma munthu kukafunsa wailesi. Ndinati munandibereka ngati mbuzi, popanda wolemba, popanda wodziwa. Ndinalankhula mpaka mawu anandithera.

Amayi anapitiriza kusankha nyemba. Kenako anandifunsa, mwakachetechete, kuti kodi wansembeyo anati zinasowa mphindi zingati. Ndinati makumi atatu ndi zisanu, ngati wotchi inali yokankhidwa.

"Zochepa chonchi?" anatero. Anaika lichero pansi n'kundiyang'ana, misozi ikutsika. "Azamba ankandiuza kuti kankha, kankha, ine n'kumakankha. Ndikanadziwa kuti adzakufunsa, mwanangu, ndikanapirira. Ola limodzi lokha ndikanakusunga m'mimba."